Uthenga kwa bwana wakale wa pulojekiti ya mijigo

Lachiwiri madzulo

Bwana, mwaswera bwanji? Nambala iyi simukuidziwa. Ndine makaniko uja wa pa Chinamwali amene munkagwira naye ntchito ya mijigo cha ku Jali ndi ku Kachulu mu 2017 ndi 2018, woyenda ndi bokosi la masipanala pa njinga yamoto yofiira. Nambala yanu wandipatsa ndi dalaivala wathu wakale. Tinakumana pa maliro ku Matawale sabata yatha, ndipo ndinamupempha kuti ayambe wakufunsani asanandipatse. Akuti munalola.

Ndiyambe ndi kupepesa. Zaka zonsezi zii, osapereka ndi moni womwe. Foni inatayikadi, koma wofuna munthu amamupeza ndithu, ndiye wolakwa ndine.

Ndati ndikuuzeni za mijigo yathu ija, poti munkaidera nkhawa. Pa 12 imene tinaika, mwezi watha ndadutsa pa 9, ndipo 7 ikutulutsa madzi bwinobwino. Umodzi unakwiririka ndi matope nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndipo mpaka lero sunapopedwe. Winawo ndi wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa uja, umene munatsutsa kuti tisaikemo marodi a galata. Munalondola. Madzi a mchere aja anadya marodi, madzi anayamba kutuluka ofiira ngati tiyi, amayi anasiya kuchapira pamenepo, kenako rodi imodzi inaduka polumikizira. Komiti inagula ina ya galata yomweyo chifukwa ndi yotchipa, nayonso sinakhalitse.

Chomwe chandisangalatsa ndi mjigo wa pasukulu paja. Komiti yake ikusungabe kope lomwe munawayambitsira, lolemba tsiku limene asintha mabushi, yusili ndi bobini. Sadikira kuti chogwirira chiyambe kugwedera. Amatsegula mutu wa pampu miyezi itatu iliyonse, ndipo zipangizo zothera msangazo amasintha chaka chisanathe. N'chifukwa chake mapaipi ake akadali oyambirira aja. Kwina kumene anasiya timphira togwira rodi pakati titatha, rodi inakhula paipi mpaka kuiboola, ndipo anachita kuzula zonse.

Zithunzi ndinajambula, mukazifuna ndikutumizirani. Kaya ku Lilongweko kukutentha bwanji, kuno ku Zomba phiri layamba kale kufuka utsi wa moto wolusa. Mundiperekere moni kwa mayi ndi ana. Mwana wanu wamkazi amene ankalemba mayeso a Sitandade 8 nthawi ija ayenera kuti pano ndi wamkulu.

Lachinayi m'mawa, yankho la bwana

Achimwene, zikomo kwambiri, ndakukumbukani bwino lomwe. Musadandaule za kusowa, nanenso ndinangoti zii. Nkhani ya marodiyo yandiwawa koma sinandidabwitse. Tumizani zithunzizo, makamaka za kope la komiti ya pasukulu, ndikufuna ndikawaonetse anzanga kuno. Mtsikana uja ali ku koleji tsopano. Nanga inu mukupanga chiyani masiku ano?

Lachitatu la sabata yotsatira

Bwana, mwadzuka bwanji? Ndikhulupirira zithunzi zija zinafika. Zikaoneka zosawala mundiuze, ndikajambulanso tsamba la 2022, inki yake inafufuta.

Munandifunsa zomwe ndikupanga, ndipo ndachedwa dala kuyankha kuti ndiyankhe zomveka. Kontirakiti yomwe ndinali nayo inatha mu Juni, pulojekiti itatseka. Panopa ndikugwira maganyu okonza mijigo ndi mapampu a sola m'midzi ya kuno, koma ndikufuna ntchito yokhazikika. Sindikubisirani kuti ichi ndi chimodzi mwa zomwe zinandikumbutsa kukusakani. Ndinangoona kuti sichinali chanzeru kufika ndi pempho pa khomo lomwe sindinagogodepo zaka zonsezi.

Sindikupempha kuti mundilembe ntchito kapena kundilankhulira mwamseri. Pempho langa ndi lakuti mukamva za malo, kaya kwanuko, kwa makontirakitala okumba mijigo, ku mabungwe a madzi kapena ku makhonsolo, mundidziwitse kuti ndikalembere ngati wina aliyense. Zotsatsa za m'nyuzipepala za Nation ndi Daily Times ndimaziona, koma inu mukudziwa kuti ntchito zambiri za miyezi isanu ndi umodzi sizifika m'nyuzipepala, zimangodutsa m'magulu a WhatsApp a anthu a m'maofesi, ndipo ife tikamamva amakhala atatseka kale.

Kuti musavutike kuganiza kuti ndi ntchito iti yomwe ingandiyenere, ndi izi. Choyamba ndi kuyang'anira okumba mijigo: kulemba kuya kwa chitsime ndi pamene madzi apezeka, kuwerenga mapaipi asanalowe pansi, kuonetsetsa kuti miyala ya m'mbali yathiridwa yokwanira ndiponso kuti kuyesa mphamvu ya madzi kwatha maola onse olembedwa mu kontirakiti. Apa ndi pamene chinyengo chimalowera, munthu nkulipiritsa mamita 45 atakumba 32, chitsime nkumauma Okutobala aliyense. Chachiwiri ndi kuika ndi kukonza pampu ya Afridev komanso kuphunzitsa makomiti ndi amakaniko a m'dera. Chachitatu, chomwe simukuchidziwa poti ndachiphunzira titasiyana, ndi mapampu a sola. Ndaikapo asanu okhala ndi matanki a malita 5,000 ndi 10,000. Ambiri omwe ndimaitanidwa kukakonza amakhala atapsa chifukwa woika sanamangirire kachipangizo kozimitsa pampu madzi akatsika, kapena anasankha pampu yokoka madzi ambiri kuposa omwe chitsimecho chimabweretsa pa ola.

Mapepala ndili nawo: MSCE, satifiketi ya giledi 1 ya zamipope, ndi laisensi ya njinga yamoto yomwe ndi yamoyo. Malipoti ndimalemba pa kompyuta, ndipo kutenga malo a mjigo pa GPS ndi kudzaza mafomu pa foni sikundivuta. Chiyao ndimalankhula, choncho ku Machinga, ku Mangochi ndi ku Balaka ndingagwire popanda womasulira. Ndingakonde chigawo cha kummwera chifukwa ana ali pasukulu kuno, koma kontirakiti ikakhala ya chaka kapena kupitirira ndikhoza kusamuka. Kuyamba ndingayambe sabata iliyonse.

Sivi ndaikonza, ndi ya masamba awiri. Sindinaitumize kuti ndisakudzazireni foni musanalole. Mukati tumizani, ifika nthawi yomweyo.

Pali pempho lina laling'ono. Ndikufuna kulemba dzina lanu pa anthu atatu ondichitira umboni, poti ndinu amene munaona ntchito yanga pamaso. Sindilemba musanavomere, ndipo ndikakulembani ndizikuuzani kulikonse komwe ndaponya kalata, kuti foni isakudzidzimutseni. Ngati malamulo a kuntchito kwanu sakulola, kapena mukuona kuti papita nthawi yaitali kwambiri, ingonenani, sindikhumudwa.

Mundithandizenso nzeru pa chinthu chimodzi. Kwafika uthenga wotsatsa ntchito za madzi koma akuti titumize kaye K15,000 pa Airtel Money ya fomu. Ine ndaukayikira ndipo sindinatumize kanthu. Ndingakuponyereni kuti muone ngati bungwelo munalimvapo?

Musathamange kuyankha, ndikudziwa kuti nyengo ino yachilimwe ndi imene ntchito yokumba imakupanikizani. Ndidzakupatsaninso moni kumapeto kwa mwezi, kaya pali nkhani kaya palibe. Mukamadutsa kupita ku Blantyre kudzera msewu wa Liwonde, mundiimbire muli pa Domasi, ndidzakudikirani pa Chinamwali ndi kabasiketi ka masitiroberi a kuphiri.

Ndine mnyamata wanu wa masipanala,
pa Chinamwali, Zomba.