Aise Dalitso, za pulani ya nkhuku ija

Aise Dalitso, waswera bwanji kumeneko? Alamu ndi ana ali bho? Pepa ndachedwa kukuyankha, uthenga wako ndinaumva Lachiwiri lomwe lija ndipo pepala la bajeti unajambula pa foni lija ndaliwerenga katatu konse, koma sindinafune kungokuyankha mothamanga ndili mu minibasi ngati tikukamba za mpira ayi. Dzulo usiku ana atagona tinakhala pansi ndi mayi a Tadala tinakambirana mpaka mochedwa, nde ndati ndikulembere zonse mmene zilili.

Ndiyambe ndi yankho kuti usawerenge uthenga wonsewu mtima uli m'mwamba. K1,800,000 unandipempha ija sinditha kuikamo mu geni yako yoweta nkhukuyi, olo theka lake sinditha. Ndipo sindikufuna kukuuza kuti tiona mwezi wamawa pomwe ndikudziwa kuti mwezi wamawa yankho likhala lomweli, iwe nkumadikira ine mmalo moti uzifufuza njira ina. Ndife anthu odziwana kuyambira fomu wanu, tinkagawana sopo ndi chigumu ku hositelo, sindingayambe kukuzembazemba lero chifukwa cha ndalama.

Ukudziwa kuti ndalama imene ndinakuuza kuti ndasunga ija ilipodi, sindikubisa. Koma ndalama imeneyo ili kale ndi eni ake. Tadala akuyamba fomu wanu Seputembala uno ndipo fizi ya temu yoyamba limodzi ndi yunifomu, matilesi, tiranki ndi zina zonse zikudya gawo lalikulu, kwinako nkwa puloti ya ku Chileka ija imene ndikumalizitsa pang'onopang'ono, mwini wake anandipatsa mpaka Disembala. Komanso amayi kumudzi mankhwala awo a BP ndi shuga ndimagula ndine mwezi ndi mwezi, achemwali anga sangakwanitse. Ndikatenga pamenepo nkuika pa nkhuku, nkhuku zija nkuvuta olo ulendo umodzi wokha, amene abwerere pa geti la sukulu ndi mwana. Ine mtima umenewo ndilibe aise, ndipo ndikudziwa kuti iwenso sungafune kuti zifike pamenepo.

Pali china chimene sindinakuuzepo bwinobwino. Mu 2021 ndinaika ndalama pa geni ya kaunjika ya mlamu wanga wina, tinagwirizana pakamwa chabe kuti phindu tizigawana. Belo yoyamba inatuluka bwino, yachiwiri atatsegula munali zovala zoti olo pa mtengo wogwetsa anthu amangotembenuza nkusiya. Iye sanabe ayi, anali munthu wachilungamo, geni inangokana basi. Koma kuchokera pamenepo ndikamuimbira foni kuti ndingomupatsa moni amaona ngati ndikufuna ndalama, samayankha. Tinakumana pa maliro a agogo ku Thyolo, munthu amene kale timakhala mphasa imodzi kuseka mpaka mbandakucha, tsiku limenelo anakhala kuseri kwa nyumba usiku wonse kuthawa maso anga. Ndalamayo ndinaiiwala kalekale koma mpaka pano sitinabwererane mwakale. Chinthu chimenecho chimandiwawa kwambiri, ndipo ndikaganiza kuti zingadzachitike pakati pa iwe ndi ine, tulo sindipeza. Nde ndinadziuza kuti ndalama yanga siidzalowanso mu geni ya mnzanga kapena m'bale, kaya geniyo ikuoneka yabwino chotani. Si iwe wekha, aliyense ndimamuyankha chomwechi.

Tsopano usamve ngati ndikunena kuti pulani yako ndi yachabe. Ayi ndithu. Nkhuku zoyera anthu akudya tsiku ndi tsiku, ku Likuni kwanuko okazinga tchipisi ndi malesitilanti ang'onoang'ono ali mbwee, Chigwirizano ndi Chinsapo ndi pafupi, ndipo iwe malo uli nawo kale kuseri kwa nyumba, madzi a pampopi alipo, sulipira lendi ya khola. Chachikulu ndi iweyo. Ndinaona mmene unasamalira dimba la tomato lija chaka chatha, kudzuka folo koloko kuthirira usanapite ku ntchito, munthu wotere nkhuku angazithe. Anthu ambiri amene amagwa pa nkhuku ndi aja amasiyira mwana wantchito zonse iwo nkumangofunsa pa foni.

Koma poti wanditumizira bajeti, ndilole ndikuuze zimene ndaonamo, chifukwa azakhali anga a ku Lunzu aweta nkhuku zimenezi zaka zambiri ndipo ndinakhala nawo nthawi imene ndinkafuna ntchito, ndinkatunga madzi a m'khola ndi kusintha utuchi ndine. Choyamba ndi fidi. Walemba matumba 15 pa anapiye 300, amenewo sakwana aise. Nkhuku yoyera imodzi kuti ifike masabata 6 imadya makilogalamu pafupifupi 4, kuphatikiza sitata, gulowa ndi finisha. Ukachulukitsa ndi 300 ndi makilogalamu 1,200, amene ndi matumba 24 a makilogalamu 50. Ndiye kuti matumba 9 mulibemo mu bajeti yako, ndipo adzasowa pa nthawi yoipa kwambiri, sabata yachisanu, pamene nkhuku zikudya ngati dzombe koma sizinafike pogulitsa. Pamenepo mpamene anthu amathamangira kwa akatapila, phindu lonse nkuthera konko. Komanso mtengo wa fidi sukhala malo amodzi, umatsata chimanga ndi soya, ndipo ukukumbuka mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti mmene zinthu zinadumphira m'masitolo sabata imodzi yokha. Nde pa fidi uziikapo kandalama kena kapadera kongodikira.

Chachiwiri sindinaonemo makala kapena china chotenthetsera anapiye. Masabata awiri oyamba aja anapiye amafuna kutentha usiku wonse, ndipo iwe ukuti ukufuna kuyamba mu Juni, nthawi imene Lilongwe kumazizira koopsa m'mamawa. Magetsi akathima pakati pa usiku popanda mbaula, anapiye amaunjikana pakona kufuna kufunda, apansi aja amafa chifukwa chopsinjika. Ndinaziona ndi maso anga kwa azakhali, tinadzuka m'mawa nkutola anapiye odzadza beseni, azakhali anangokhala pakhonde chete osalankhula mpaka masana. Katemera wa chitopa ndi gumboro walemba, zimenezo wachita bwino, ungoonetsetsa kuti pogula ukhale ndi kabokosi ka ayisi chifukwa katemera akatenthedwa pa njira ndiye kuti wawamwetsa madzi chabe. Ndipo uwerengereko kuti ena adzafa ndithu olo usamale bwanji, usawerenge ngati onse 300 adzafika pa msika.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi msika. Pa pepala paja walemba kuti kugulitsa kwa anthu a m'dera, basi. Aise, nkhuku yoyera si chimanga choti uthira mankhwala nkusunga m'thumba kudikira mtengo. Ikakwana masabata 6 tsiku lililonse imene ikukhala m'khola ikudya phindu lako, ndipo nkhuku 300 kuzigulitsa imodziimodzi kwa maneba ndi milungu ingapo, komanso maneba ambiri amatenga pa ngongole kuti tidzapereka pa mapeto a mwezi, iwe nkumayenda khomo ndi khomo ndi kabuku. Azakhali ankati msika umapezedwa anapiye asanabwere. Pita kwa okazinga tchipisi aja, kwa amayi a malesitilanti, ufunse amatenga nkhuku zingati pa sabata, amafuna zamoyo kapena zosola kale, amalipira pompo kapena ayi, ulembe mayina awo.

Nde maganizo anga ndi awa, utenge kapena usiye. Usayambe ndi 300. Yamba ndi anapiye 50, fidi yake ndi matumba 4 okha, ndipo K450,000 unati uli nayo ija ukaiyendetsa bwino ndi khola losavuta la njerwa zosawotcha ndi waya ingakufikitse patali osakongola kwa munthu. Ulendo woyamba ndi sukulu, udziwa kuti afa angati, makala apita matumba angati, kasitomala wolipira ndi uti ndipo wovuta ndi uti. Ulembe chilichonse m'kope, olo mtengo wa kabaza wonyamula fidi. Manyowa usataye, anzako a madimba amagula. Ukapanga maulendo awiri kapena atatu, uonjezere kufika 100, nkuyang'ana kuti gulu lalikulu lidzakhwime cha pa Khirisimasi pamene nkhuku sizigona m'khola, ungosamala ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala poti nkhuku zonenepa zimafa nako ngati khola silipita mphepo. Ndipo ndi kope limenelo m'manja, kaya ndi ku banki m'khonde kumene alamu amasonkha, kaya ukafuna kuyesa ngongole ya boma ya mabizinesi ang'onoang'ono, ukalankhula ngati munthu amene waigwira kale ntchitoyo, osati wongobwera ndi maloto.

Ine mbali yanga ndichita izi, ndipo izi ndikulonjeza. Ndalankhula kale ndi azakhali m'mawa uno, avomera kuti uziwaimbira nthawi ina iliyonse, akuti ngati ungathe ubwere udzagone masiku awiri udzaone khola lawo mmene analimangira, nambala ndikutumizira madzulo ano. Malata 6 amene anatsala pamene ndimakonza kitchini ali pano akungochita dzimbiri, amenewo ndi ako, si ngongole ndipo si sheya, ndingowakweza pa lole ya mnzanga amene amapita ku Lilongwe. Bajeti ija tiikonze limodzi pa foni Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, mzere ndi mzere. Ndipo gulu loyamba likakhwima nkhuku 5 ndigula ine pa mtengo wako wonse osanenerera, ndalama ndidzatumiza pa Mpamba, nkhukuzo udzapereke kwa mlongo wanga ku Area 36, iyenso ali ndi gulu la amayi a kwaya amene amaphika pa maukwati, ndimuuza akulumikize nawo.

Ndikudziwa kuti si yankho limene umayembekezera ndipo ngati wakhumudwa ndikumvetsa, unandikhulupirira nchifukwa chake unabwera kwa ine poyamba, zimenezo sindikuzitenga mopepuka. Ukawerenga usakhale chete aise, ndiimbire olo ndi kungoflasha ndiimba ndine. Lamlungu cha m'ma 3 koloko ndikhala ndili pakhomo ndi kope ndi cholembera, iwe ukhale utafunsa kale mitengo ya sitata, gulowa ndi finisha ya sabata ino komanso ya anapiye 50. Upereke moni kwa alamu, ndipo umuuze Yamikani kuti mpira ndinamulonjeza uja ubwera limodzi ndi malata.

Ndine mnzako,
Chikondi