Mgodi wa miyala kufupi ndi Nathenje: chidule cha lipoti la za chilengedwe ndi moyo wa anthu

Kampani ina yaing'ono ikufuna kuyamba kuswa miyala ya kwale pakaphiri kamene kali pa mtunda wa makilomita 3 kuchokera pa msewu wa M1, kufupi ndi Nathenje, m'boma la Lilongwe. Lamulo loona za chilengedwe la 2017 limati ntchito yotere isayambe pasanachitike kafukufuku wa momwe idzakhudzire nthaka, madzi, mpweya ndi anthu, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA ndi limene limavomereza kapena kukana lipoti lake. Ife amene tinachita kafukufukuyo talemba chidule ichi kuti anthu a m'midzi itatu yozungulira phirili amve zimene zili m'lipotimo popanda kufuna wowamasulira.

Zimene kampani ikufuna kuchita

Malo onse ndi mahekitala 6, ndipo ntchito ndi ya zaka 10. Adzaboola thanthwe, n'kuliphulitsa, kenako miyala idzalowa m'makina ophwanya kuti ituluke kwale womangira nyumba ndi misewu. Akuyembekeza matani 60,000 pachaka. Tikagawa, ndiye kuti tsiku lililonse la ntchito matipa 12 adzatuluka atasenza ndipo 12 adzalowa opanda kanthu. Ntchito idzayamba 7 koloko m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu.

Olembedwa ntchito adzakhala 35, ndipo kampani yavomera kuti 22 mwa iwo achokere m'midzi itatuyi. Tinene mosabisa kuti ntchito zambiri zapamwamba, monga kuphulitsa ndi kuyendetsa makina, zidzagwiridwa ndi anthu ochokera kwina amene ali ndi ziphaso. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kugwira ntchito pamgodi.

Fumbi

Vuto lalikulu kuposa onse ndi ili. Mwala wa phirili uli ndi mchenga wolimba umene ukaphwanyika umasanduka fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso. Likalowa m'mapapo silituluka. Munthu amene walipuma kwa zaka zambiri amayamba kubanika ndi kutsokomola, ndipo chifuwa chachikulu chimamugwira mosavuta. Mapapo akawonongeka motere sachira. Amene ali pachiswe kwambiri ndi ogwira ntchito pamakina, kenako mudzi umene uli kumpoto chakumadzulo kwa phiri, chifukwa mphepo ya mwera mu Juni ndi Julayi imawombera komweko.

Tinaima pamsewu wafumbi wopita ku M1 m'mwezi wa Seputembala n'kuona lole imodzi yokha ikudutsa. Mayi wina anali atayanika ufa pamphasa masitepe ochepa kuchokera pamsewu, ndipo anathamanga kukauphimba ndi chitenje. Zimenezi zizichitika maulendo 24 patsiku ngati palibe chochitapo.

Choncho kampani iyenera kuboola thanthwe ndi madzi, kuika zopopera madzi pamakina ophwanya, kuthira madzi pamsewu katatu patsiku kuyambira Meyi mpaka mvula itagwa, ndi kuphimba matipa ndi matenti. Ogwira ntchito apatsidwe zotchinga mphuno zosefa fumbi, osati zansalu, ndipo apimidwe m'chifuwa polowa ntchito komanso chaka ndi chaka. Ngakhale zonsezi zitachitika, fumbi silidzatheratu, lidzangochepa.

Kuphulitsa miyala

Adzaphulitsa kawiri pamwezi, Lachitatu, pakati pa 2 ndi 3 koloko masana ana ataweruka kusukulu. Mafumu adzauzidwa kudakali masiku awiri, sayirini idzalira katatu, ndipo munthu kapena chiweto zisapezeke mkati mwa mamita 500. Nyumba ziwiri zili pa mamita 350 okha. Eni ake ayenera kumangiridwa kwina ntchito isanayambe. Nyumba zina zonse zili kupitirira mamita 520.

Pamisonkhano inayi imene tinachititsa, nkhani ya ming'alu ndi imene inatenga nthawi yaitali. Anthu ananena zoona: nyumba za zidina, ngakhale za njerwa zootcha zomangidwa ndi dothi, sizilimba ngati nthaka igwedezeka kawirikawiri. Tagwirizana kuti nyumba zonse 46 zimene zili mkati mwa mamita 800 zijambulidwe zithunzi kuphulitsa kusanayambe, mwini nyumba ndi a mfumu ali pomwepo, ndipo mwini nyumba asunge zithunzi zake. Mng'alu watsopano ukaoneka, mlandu sudzakhala wa mawu okhaokha.

Manda ali pa mamita 400 kum'mawa kwa phiri. Sadzakumbidwa, mitengo yake siidzadulidwa, ndipo tsiku la maliro kuphulitsa kudzaima. Nkhalango ya kudambwe yasiyidwa kunja kwa malire a mgodi monga anapemphera mafumu, ndipo ogwira ntchito adzauzidwa kuti asafikeko.

Minda ndi chipukutamisozi

Mabanja 9 ataya minda yokwana mahekitala 2.5. Owerengera katundu a boma ndi amene adzaika mtengo wa malo, mbewu, mitengo ya mango ndi nsungwi, ndipo ndalama ziperekedwe makina asanalowe. Isanu mwa mindayi amalima ndi amayi pa malo a kwawo, ndiye dzina lolembedwa likhale la wolima mwini, osati la wachibale amene wangobwera kumsonkhano. Tapempha kuti kampani ilole anthu kukolola kaye.

Pali gulu lina limene likanaiwalika: amayi ndi anyamata 14 amene amaswa miyala ndi hamala m'munsi mwa phiri n'kumagulitsa pawilibala. Alibe chikalata cha malo, koma chakudya chawo chimachokera pamenepo. Kampani iwapatse mwayi woyamba wa ntchito, ndipo otsala iwasiyire malo oswera kunja kwa mpanda.

Madzi ndi msewu

Dzenje lidzazama mamita 20, pamene madzi apansi tinawapeza pa mamita 28, choncho sitikuyembekeza kuti mjigo wa m'mudzi uphwe. Komabe uziyezedwa miyezi itatu iliyonse. Madzi othira pamsewu asatungidwe pamjigowo; kampani ikumbe wake itatenga chilolezo ku bungwe la boma loona za madzi. Matope otsika m'phiri nthawi ya dzinja adzayamba akhazikika m'damu laling'ono asanafike kudambo kumene kuli madimba, ndipo dizilo ndi oyilo zisungidwe pasimenti.

Msewu umadutsa pakhomo pa sukulu ya pulayimale. Matipa asathamange kuposa makilomita 20 paola, paikidwe mahampu, ndipo asayende nthawi imene ana akulowa ndi kuweruka. Kubwera kwa anthu achilendo okhala ndi ndalama m'thumba kumabweretsanso zake: kampani yasaina kuti wogwira ntchito wopezeka akunyenga ana a sukulu adzachotsedwa ndi kuperekedwa kupolisi, ndipo alangizi a zaumoyo azibwera kudzaphunzitsa za Edzi.

Ntchito ikadzatha

Dzenje losiyidwa limadzaza madzi a mvula, ana amakasambamo n'kumira, udzudzu n'kuswana. Kampani isunge dothi lapamwamba pambali, ikwirire mbali imene yatha isanatsegule ina, itsetsereke makoma a dzenje, ndi kudzala mitengo 3,000 ya mthethe, mbawa ndi msangu. Ndalama za ntchito imeneyi ziziikidwa padera chaka chilichonse, osadikira chaka chomaliza.

Maganizo athu ndi akuti ntchitoyi ikhoza kuloledwa, pokhapokha nyumba ziwiri zija zasamutsidwa, chipukutamisozi chaperekedwa ndipo zithunzi za nyumba zajambulidwa.

Wodandaula ayambire ku komiti ya anthu 7 yosankhidwa ndi midzi, atatu mwa iwo amayi. Dandaulo lilembedwe m'buku ndipo yankho libwere pasanathe masiku 14. Likapanda kubwera, nkhani ipite kwa a Gulupu, ku ofesi ya za chilengedwe ku khonsolo ya boma la Lilongwe, kapena ku MEPA. Lipoti lonse likupezeka kwa a Gulupu ndi ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, ndipo ndemanga tilandira kwa masiku 30 kuchokera tsiku limene chidulechi chakhomedwa. Amene satha kulemba auze mlembi wa komiti, amulembera ndi kumuwerengera.