Ulendo wa ku Kulamba: zolemba za pa tsamba la gulu lathu

Lolemba, kwatsala masiku 5
Abale, Kulamba kwayandikira. Loweruka lino Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akumana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukaonekera kwa Kalonga Gawa Undi. Ife tikupita. Otsala pakhomo musadandaule, zonse muzionera pompano.

Lachinayi madzulo
Basi inyamuka mawa 5 koloko m'mawa ku Lilongwe, ndipo sidikira munthu. Pasipoti kapena bodapasi ikhale m'thumba, osati pansi pa chikwama. Tengani madzi akumwa, chipewa, juzi ya usiku ndi makwacha a ku Zambia. Amayi, chitenje musaiwale.

Lachisanu, 8:40 m'mawa
Tili pa chipata cha Mchinji, akudinda mapasipoti. Tikaoloka ndi Mwami, kenako Chipata, kenako Katete. Tikangoti zii ndiye kuti ndi netiweki, musaganize zina.

Lachisanu usiku
Tafika bwino tonse 42. Ng'oma zayamba kale, tulo lero kulibe.

Loweruka, 9:15
Bwalo ladzaza, fumbi lili koboo! Mafumu akhala m'malo mwawo. Ana akufunsa kuti kulamba n'kutani: mafumu amabwera kudzapereka ulemu ndi mphatso kwa Kalonga, n'kumuuza mmene anthu awo akukhalira. Atsamunda adauletsa mwambowu, udayambiranso mu 1984.

11:30
Chalo chafika! Khamu lonse: Yoo Gawa! Pepani kanemayo akugwedera, wojambula nayenso amaomba m'manja.

1:05 masana
Anamwali alowa m'bwalo, maso pansi, anamkungwi ali pambuyo. Nthungululu za amayi mpaka foni kulephera kugwira mawu.

2:20
Gule watuluka. Makanja ataliatali aja akuponda ngati pansi ndi pawo okha. UNESCO idazindikira Gule Wamkulu mu 2005, koma kuno palibe akuganiza za zimenezo, maso onse ali pa mapazi ndi ng'oma. Amene mukupempha zithunzi za kudambwe, iyayi, kumeneko kamera sifika. Tikuonetsani za pabwalo zokha.

4:00
Batire yatsala pang'ono, tiyambe tapuma. A gulu lathu, basi ili pomwe inatitsitsa paja. Tigona konkuno, kunyamuka ndi mawa 6 koloko.

Lamulungu madzulo
Tafika ku Lilongwe, mitu yoyera ndi fumbi koma tonse athanzi. Zikomo inu amene munatitsatira kuchokera ku Joni, ku Harare ndi ku Mangalande, mauthenga anu timawerengerana m'basi. Zithunzi zonse tiika Lachiwiri tikazisankha. Amene simukufuna nkhope yanu pa tsamba, tiuzeni lisanafike tsikulo.

Lolemba
M'basi mwatsala chitenje chobiriwira, chaja ya foni ndi nsapato imodzi ya mwana, yakumanzere. Eni ake akatenge kwa amayi apampando.