Mawu a pa msonkhano wa anthu a m'dera ku Chawama: chakudya chogona, tidye kapena titaye?

Amayi, abambo, akuluakulu a komiti ya zaumoyo ndi inu nonse mwasiya ntchito zanu kubwera pano, zikomo. Nkhani yathu ndi ya mphika wogona: mkute uja ambiri muno mu Lusaka amautcha chimbala, nyemba zadzulo, mpunga wotsala. Ufa ndi makala zakwera mtengo, ndipo palibe mwa ife afuna kutaya chakudya. Koma uno ndi Okutobala, kutentha kwafika, magetsi akuthimathima, ndiye tiyenera kudziwa kuweruza mphika tisanapakulire ana.

Ambiri timavundukula, kununkhiza, n'kunena kuti chili bwino. Mphuno imathandiza mbali imodzi yokha. Ikakuuzani kuti chawonongeka, imvereni. Ikakuuzani kuti chili bwino, musafulumire kuikhulupirira, chifukwa tizilombo tosasitsa chakudya ndi tina, todwalitsa munthu ndi tinanso, ndipo todwalitsato nthawi zambiri sitisintha fungo, mtundu kapena kakomedwe. Musalawenso kuti muone ngati chili bwino. Lilime silingakuuzeni zimene mphuno yalephera.

Choncho funso loyamba ndi ili: kuchokera pamene chinachoka pamoto, chakudyachi chakhala kuti, ndipo kwa maola angati? Tizilombo timaswana mofulumira pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndiye kuti chakudya chikakhala chofunda kapena chongozizira m'nyumba. Pamalo powakomera, kamodzi kamasanduka tiwiri pa mphindi 20 zilizonse, moti pa maola 7 kamodziko kakhoza kubala topitirira 2 miliyoni. Lamulo lake n'lakuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola 2, ndipo tsiku lotentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha. Tsono mphika umene munaphula 19 koloko n'kuuvundukula 6 koloko m'mawa wagona maola 11. Werengani nokha.

Funso lachiwiri: ndi chakudya chanji? Mpunga ndiwo umapusitsa anthu kwambiri. Mpunga wosaphika umakhala ndi njere za tizilombo zosafa ndi moto. Ukaphikidwa n'kusiyidwa wofunda, njerezo zimadzuka, kuswana, n'kusiya poizoni mumpungamo. Poizoniyo satha ngakhale mukazinge kapena kuwiritsanso, ndipo wodya amayamba kusanza pasanathe maola 6. Mpunga wogona pamtunda utayeni, ngakhale ukuoneka woyera ngati wa lero. Chimodzimodzi phala, zamkaka, ndi ndiwo zotendera nsinjiro, kaya chiwawa kaya bondwe: zimakhala zonyowa, zamafuta, ndipo zimawonongeka msanga.

Nyemba, nyama ya msuzi, nkhuku ndi zamkati vuto lake ndi kukula kwa mphika. Mphika waukulu, monga wa pamaliro kapena paukwati, umazizira kunja kokha, pakati n'kukhala pofunda usiku wonse, ndipo pamenepo m'pamene pamaswana tizilombo topweteka m'mimba ndi kutsegula mawa lake. Kapenta wokazinga wouma, wopanda tomato ndi anyezi, amapirira kuposa zonsezi chifukwa alibe madzi. Mukangomuthira msuzi walowa m'gulu la zinzake.

Funso lachitatu: ndani anakhudza? Chakudya chotsala m'mbale imene anthu amapisamo manja chisabwerere mumphika. Pakhungu ndi m'mphuno mwa munthu wathanzi mumakhala tizilombo timene tikagwera m'chakudya timapanga poizoni wina wosamva moto. Onaninso ngati mphika unali wovundikira bwino, pamalo posafika ntchentche, mphemvu ndi makoswe. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2024, pamene bwalo la masewera la Heroes linasanduka chipatala cha odwala kolera. Kolera sayendera madzi akumwa okha, amalowanso m'chakudya chophikaphika chimene chakhudzidwa ndi manja osasamba n'kusiyidwa chozizira.

Mafunso atatuwa akayankhidwa bwino, ndiye mugwiritse ntchito maso ndi mphuno. Vundukulani poyera, osati mumdima wa m'mamawa. Nyemba zikachita thovu kapena tinthubwinthubwi pamwamba zisanaikidwe pamoto, zapita. Msuzi ukamananda ngati therere mukaukweza ndi supuni, nyama ikamaterera m'zala kapena kuoneka yobiriwirako, ndiwo zamasamba zikalekana ndi madzi ake n'kumanunkha mosasa, zonsezo n'zotaya. Mkute muubenthule pakati muone m'kati, chifukwa chikhokho cha kunja chimabisa. Mukaona ulusi wonanda pobenthulapo, kapena m'kati mwanyowa ndi kusasa, usadyedwe. Pakamera chuku musangodulapo pamwamba, mizu yake imakhala italowa kale m'kati mwa chakudya chofewa.

A firiji, musadzidalire kwambiri masiku ano. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 magetsi akathima. Mbali yowumitsa ikakhala yodzaza imatha masiku awiri, ikakhala theka tsiku limodzi. Ngati magetsi anapita madzulo n'kubwera m'bandakucha, chakudya chophika chili m'munsimo chiwerengeni ngati chogona pamtunda. Pamene firiji yagwira ntchito usiku wonse, ndiwo zimakhala masiku awiri kapena atatu, koma mpunga mudye tsiku lotsatira. Poikamo, gawani m'timbale tosazama, chakudya chisapitirire kutalika kwa chala, kuti chizizire msanga mpaka pakati.

Ndikudziwa kuti ambiri pano firiji tilibe, ndipo kunena kuti tayani zonse n'kosavuta kwa wokhuta. Njira yoposa zonse ndi kuphika zokwanira nthawi imodzi: nyemba munyike ndi kuphika za tsikulo, ufa muyeze. Zikatsalabe, pakulirani m'mbale ndi chipande choyera, zotsala mumphika muziwiritsenso musanagone, muvundikire zikadali zotentha, muike pamalo pozizira kwambiri m'nyumba, ndipo wina asapisemonso. M'mawa ziphikidwe mukangodzuka, zisadikire nkhomaliro. Izi zimachepetsa ngozi, koma siziichotsa yonse. N'chifukwa chake chakudya chogona kunja kwa firiji chisapatsidwe kwa mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera, agogo, ndiponso aliyense wodwala kapena wa thupi lofooka. Phala la mwana liphikidwe latsopano nthawi iliyonse, chonde amayi.

Potenthetsa, kufunditsa pa mbaula ya makala othima n'koipa kuposa kusatenthetsa n'komwe, chifukwa mwangopatsa tizilombo kutentha kumene timakonda. Kolezani moto weniweni. Thirani madzi pang'ono, takasani mpaka pansi, msuzi ubwate mphika wonse, osati m'mbali mokha, ndipo upitirize kubwata kwa mphindi zingapo. Nyama muing'ambe muone ngati m'kati mukutuluka nthunzi. Mkute wooneka bwino muuphwanye m'madzi owira muuphike ngati phala, kapena muudule mopyapyala n'kuwotcha mpaka utenthe m'kati. Tenthetsani kamodzi kokha, ndipo muyeze zimene mudye. Zotsalanso pamenepo zitayidwe.

Wina akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba, mupatseni madzi a moyo a m'paketi nthawi yomweyo. Ngati paketi palibe, sakanizani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimwa pang'onopang'ono. Wakhanda apitirize kuyamwa. Mukaona chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga, magazi, maso olowa m'kati, mwana wofooka wokana kumwa, kapena anthu angapo odya mphika umodzi adwala pamodzi, thamangirani ku kiliniki ngakhale usiku, akumwa madziwo m'njira, ndipo mukawauze anamwino chimene anadya ndi nthawi imene chinaphikidwa.

Zikomo pondimvetsera. Amene muli ndi mafunso, imikani manja.