Kalata yokana ngongole yomwe ndinabweza kale

Ntcheu Boma
14 Meyi 2024

Okondedwa Bwana,

Ndalandira kalata yanu yonena kuti ndili ndi ngongole ya K180,000 ya feteleza. Ngongoleyi ndinamaliza kubweza pa 6 Juni 2023 nditagulitsa mbatata yanga ya kachewere ku Tsangano, ndipo lisiti lake, lodindidwa bwinobwino, ndaphatikiza pakalatayi.

Ngati mukuumirirabe kuti yatsala, nditumizireni umboni wolembedwa: pangano lomwe ndinasaina, ndalama zonse zomwe ndinapereka, ndi kalata yokupatsani mphamvu zonditolera ndalamazi.

Lekani kundiimbira foni, ndipo anyamata anu asapondenso pakhomo panga. Sabata yatha anaopseza mayi anga okalamba kuti alanda mbuzi. Zimenezi zandiwawa kwambiri. Mukapitiriza, ndikadandaula kupolisi ndi kukhoti la majisitireti.

Ine wanu,
Nangozo