Thumba la simenti la pa funso lachitatu

*Ndi Lachiwiri usiku, m'chipinda cha hositeli ya anyamata ku Zomba. Yamikani ndi Mphatso, onse a chaka choyamba, akulemba asayinimenti ya fizikisi yofunika mawa 8 koloko m'mawa. Pagulu la kalasi la WhatsApp pangofika chithunzi cha yankho lolembedwa pamanja.*

Yamikani: Mesho, basi tapulumuka. Wina watumiza yankho la funso lachitatu lija. Taona.

Mphatso: Bweretsa kuno. Ulikulitse pang'ono, pakona apa chala cha wojambula chatseka. Thumba la simenti la makilogalamu 50 lagwa kuchokera pamwamba pa nyumba, mamita 20. Kulemera 500 N, nthawi masekondi 2, liwiro pofika pansi 20 m/s. Ayi, ili sindikopera. Watenga g, kukoka kwa dziko kuja, ngati 10.

Yamikani: Ndiye vuto lili pati? Kuyambira Fomu 3 mpaka mayeso a MSCE takhala tikulemba 10, ndipo tonse tinakhoza, n'chifukwa chake tili pano.

Mphatso: Kumene kuja ankatiuza okha kuti titenge 10. Kuno ndani watiuza? Ine ndawerengera ndi 9.8. Kulemera kukubwera 490 N, nthawi 2.02, liwiro 19.8.

Yamikani: Tamvera wekha zomwe ukunenazo. 2 ndi 2.02. Thumba likamagwa, iwe ungaone ndi maso kusiyana kumeneko?

Mphatso: Wasankha pomwe kusiyana kuli kochepa. Pa nthawi ndi pa liwiro g ali mkati mwa √, ndiye kulakwitsa kwa 2 pa 100 kumatsika n'kukhala pafupifupi 1 pa 100. Koma pa kulemera palibe chomuphimba, `W = mg`, ndipo 500 ndi 490 akusiyana ndi manyutoni 10 athunthu. Kumeneko ndi ngati kulemera kwa paketi ya shuga ili pawindoyo. Thumba lililonse ukuwonjezera paketi imodzi.

Yamikani: Chabwino. Koma tayang'ana manambala amene aphunzitsi asankha. Mamita 20. Ika mu `t = √(2h/g)`: 40 kugawa ndi 10 ndi 4, ndipo t akutuluka 2 ndendende, osagwira n'komwe kakyuleta. Ukuganiza kuti zangochitika mwangozi? Akanafuna 9.8 akanalemba mamita 19.6, chifukwa pamenepo m'pamene 9.8 amatulutsa masekondi 2 osatsala kanthu. Munthu wolemba funso amasiya mapazi ake m'manambala.

Mphatso: Mmm. Apo wanena zomveka, sindikana.

Yamikani: Ndiye tikopere tigone.

Mphatso: Dikira kaye. Mwinanso analemba 20 chifukwa nyumba ya mamita 20 ndi yosavuta kuinena, basi. Ukukumbukira sabata yatha ku labu, tikuyesa pendulamu? Ulusi wa mita imodzi, iwe utagwira wotchi, ine ndikuwerenga mpaka ka 20. Unaimitsa pa zingati?

Yamikani: Pa 40.2. Tinabwereza katatu.

Mphatso: Eya. Ndi `T = 2π√(L/g)`, g akanakhala 10 wotchi ikanaima cha pa 39.7. Ndi 9.8 imayenera kuima cha pa 40.1. Chala chako chomwecho chinaona kusiyanako, aise. Aphunzitsi omwe anatiimika masana onse kuti tipeze g ndi manja athu, lero angafune kuti tilembe 10?

Yamikani: Labu ndi ina, funso la papepala ndi lina. Ku labu g ndiye chinthu chomwe tinkafunafuna. Apa g wangobwera kudzatithandiza, chomwe akufuna kuona n'chakuti tikudziwa njira. Komanso funso lomweli lati tisaganizire za mpweya. Ngati tavomera kale kuti thumba likugwa ngati mpweya kulibe, n'chifukwa chiyani tikumenyera 0.2?

Mphatso: Chifukwa za mpweyazo atiuza. Zalembedwa. Za 10 sizinalembedwe.

Yamikani: Ndipo 9.8 wakoyo si weniweninso, usamuyese wopatulika. Nambala yomwe anagwirizana mu 1901 ndi 9.80665. Komanso dziko silikoka mofanana paliponse: ku ikweta ndi cha pa 9.78, kumapeto a dziko kumpoto ndi kummwera cha pa 9.83. Ife kuno tili kufupi ndi ikweta, komanso pokwera, ndiye wathu ali cha pa 9.78. Iwenso ukungoyandikiza ngati ine.

Mphatso: Ndikuyandikiza, inde, koma ndili pakhomo, iwe uli kumsewu. 9.78 ukamufupikitsa kuti atsale ndi manambala awiri akukhala 9.8, osati 10. Ndipo taona chomwe wachita mwini chithunziyu pamzere womaliza. Walemba 20.0 m/s. Ziro wakumapetoyo akunena kuti yankho ndi lolondola mpaka manambala atatu, pomwe g wake ndi wongoponya. Zimenezi ndiye aphunzitsi aja amazizunguliza ndi bolopeni yofiira.

Yamikani: Ziroyo ndiye walakwitsadi. Ine ndikanalemba 20 basi.

Mphatso: Komanso sanalembe paliponse kuti watenga g = 10. Wangomulowetsa mwakachetechete. Wochonga akafika pa 500 N, pepala lake la mayankho likunena 490, adziwa bwanji ngati mnyamatayu wasankha dala kapena wasokoneza?

Yamikani: Ndiye ine ndilemba pamwamba kuti ndatenga 10, iwe ulembe kuti watenga 9.8. Tikaone amene alandire malikisi ochuluka.

Mphatso: Ayi mesho, asayinimenti iyi ikulowa m'malikisi a semesita, si yochitira mpikisano. Mayi anga anagulitsa matumba a mtedza kuti ndilipire chipinda chino. Sindingataye ngakhale malikisi awiri pa chinthu chomwe tingathe kufunsa. Tandipatsanso foniyo. Mafunso aja unawajambula ndiwe pa bolodi, eti?

Yamikani: Eya, Lachisanu.

Mphatso: Taona pansi pa pepalali. Palembedwa kuti ndi tsamba lachiwiri. Loyamba lili kuti?

Yamikani: Panali pepala lina pamwamba pake, koma linali la malangizo chabe, dzina la kosi ndi tsiku lopereka. Anthu anali atadzaza, ndinangojambula la mafunso n'kuchoka.

Mphatso: Malangizowo ndiye tikuwafuna. Lemba pagulupo, wina atumize tsamba loyamba.

*Yamikani akulemba. Pakupita mphindi zingapo. Foni ikulira.*

Yamikani: Labwera. Lajambulidwa mopendekeka koma likuwerengeka. Lembani dzina ndi nambala yanu, onetsani njira yonse... Aaa.

Mphatso: Werenga.

Yamikani: Akuti pokhapokha funso litanena zina, titenge `g = 9.81 m/s²`, ndipo mayankho akhale a manambala atatu.

Mphatso: Ndiye nanenso ndifufute mzere wanga. Tenga kakyuleta. 50 kuchulukitsa ndi 9.81?

Yamikani: 490.5. Pa manambala atatu tilemba 491 N. Nthawi ikadali 2.02, liwiro 19.8. Koma ndikuumirirabe, mesho, funso ili analitenga m'buku lomwe limagwiritsa ntchito 10. Mamita 20 aja sananame.

Mphatso: Mwina n'zoona. Ukawafunse mawa tikapereka. Pakali pano tumiza tsamba loyambalo pansi pa chithunzi chija, ulembe kuti 500 N asakopere. Anthu angati achiona kale?

Yamikani: Ambiri, ena ayika kale zothokoza. Ndatumiza. Ndibwereke rula, ndiyambirenso funso loyamba, nalonso ndinaika 10.