Pempho lochita kafukufuku wa PhD pa usodzi wa ku Mbenji

Olemekezeka a Pulofesa,

Ndine Tadala Mwale wa ku Salima. Ndinamaliza digiri yachiwiri ya zausodzi ku LUANAR, ndipo pano ndimagwira ntchito ndi asodzi a kwa Makanjira.

Pachilumba cha Mbenji, mafumu amatseka usodzi chaka chilichonse nthawi ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera. Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Ndikufuna kufufuza chimene chaulimbitsa, ndiponso ngati ungathandize magombe ena kumene chambo chikusowa. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa bambo anga anatilera ndi ukonde.

Ndamva kuti Chichewa mumachidziwa, n'chifukwa chake ndakulemberani chonchi. Kodi mungavomere kundiyang'anira pa yunivesite yanu ku Norway? Ndaphatikiza ndondomeko ya kafukufukuyu.

Ine wanu,
Tadala Mwale